Nkhanambo zachikasu pa liwombo la khanda

Amake Tamanda: Moni nonse. Ndithandizeni nzeru. Mwana wanga ali ndi masabata 7. Pamutu pake panayamba kutuluka tinthu tachikasu tooneka ngati mfundu, koma pano tagwirana n'kukhala nkhanambo imodzi yokhuthala, kuyambira pa liwombo mpaka pafupi ndi chipumi, kukula kwake ngati chikhatho changa. Pansidze palinso pang'ono. Sakulira nazo, akuyamwa bwino, ndipo kusikelo anati thupi likukwera. Ndimamupaka vaselini m'mutu m'mawa ndi madzulo, koma pomusambitsa sindifika pa liwombo chifukwa apongozi anandiletsa. Kodi nditenge chipeso ndizikande zichoke?

Anamwino Nangondo: Chipesocho chiikeni kaye pansi, mayi. Ndisanayankhe, ndiuzeni zinthu zitatu. Mukagusa ndi chala, nkhanamboyo ndi youma komanso yoterera ngati ya mafuta, kapena ikuchucha madzi? Mwanayo akumapukusa mutu wake pachitenje kapena pachifuwa panu ngati woyabwidwa? Nanga m'nyumbamo muli wina amene akudzikanda usiku?

Amake Tamanda: Ndi youma, koma ikusiya mafuta pachala. Madzi ayi. Kupukusa mutu sindinaone, amagona bwinobwino. Wodzikanda mulibe.

Anamwino Nangondo: Ndiye zikumveka ngati nkhanambo za mafuta za makanda, zomwe zimakonda kuyamba pakati pa sabata yachiwiri ndi miyezi itatu. Si litsiro, sizipatsirana, ndipo mkaka wanu suli ndi vuto. Mwana amabadwa ali ndi mahomoni a mayi ake m'magazi, ndipo mahomoniwo amachititsa khungu la m'mutu kutulutsa mafuta ambiri. Khungu lakale lomwe limayenera kumafundula mosaoneka limamatirira m'mafutamo, lina pamwamba pa linzake, mpaka likhale chigamba. Palinso kafangasi kena kamene kamakhala pakhungu la munthu aliyense, kotchedwa malasezia, komwe kamakonda malo a mafuta ndipo akuti kamathandizira vutoli. Kwa ana ambiri zimatha zokha pofika miyezi 6 mpaka chaka.

Koma za Tamanda zakhuthala chonchi pa zifukwa ziwiri zomwe mwatchula nokha. Vaselini akulowa kawiri pa tsiku, kutuluka ayi. Ndipo pamalo pomwe pali vuto m'pomwe madzi sakufika. Mafuta opaka amathandiza pokhapokha ngati mudzawatsuka. Mukawasiya, amangowonjezera phula pa nkhanambo.

Agogo Nasibeko: Zoona zimenezo, koma pa liwombo muzipita pang'onopang'ono ana inu. Pamenepo palibe fupa. Ife tinkangopaka mafuta a nsatsi n'kusiya, zinkayoyoka zokha nthawi yake ikakwana. Apongozi awo sanalakwe kuwaletsa chipeso.

Anamwino Nangondo: Pa chipeso tili limodzi, agogo. Koma poti palibe fupa sizikutanthauza kuti ubongo uli pamtunda. Pansi pa khungu la liwombo pali kachikopa kolimba kwambiri komwe kamalumikiza mafupa a chigaza, ndipo kusambitsa ndi kansalu kapena kusisita ndi zala sikungakaboole. Kusikelo anamwino amagusa pomwepo dala kuti aone ngati lalowa kapena latupa. Liwombo lakutsogolo limatsekeka mwana akamakwana chaka mpaka chaka ndi theka. Tikati tidikire litsekeke ndiye tisambitse, mwana akhala chaka chathunthu ndi mutu wosasamba pakati.

Amake Tamanda, chitani motere. Masana, mwana atayamwa ndipo ali phee, tengani vaselini woyera wopanda fungo, wongokwana kunsonga ya chala chimodzi, mwina ziwiri poti chigambacho n'chachikulu. Mutikiteni kaye m'manja mwanu afewe. Pakani pa nkhanambo penipeni, osati mutu wonse, ndipo sisitani mozungulira ndi mimba za zala, zikhadabo zitawengedwa. Musakanikize. Cholinga n'chakuti mafuta alowe m'mphepete mwa nkhanambo ndi m'ming'alu yake. Musiyeni choncho ola limodzi kapena awiri.

Nthawi yosamba ikakwana, yesani madzi ndi chigongono chanu, akhale ofunda basi, osatentha. Musananyowetse mutu, tengani burashi yofewa ya makanda, kapena mswachi watsopano wofewa wa ana umene sunalowepo m'kamwa mwa munthu, ndipo pititsani mopepuka kutsata komwe tsitsi lagonera, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Zimene zafewa zidzanyamuka zokha n'kukodwa m'tsitsi. Zimene zakana, zisiyeni, n'za mawa. Kenako dontho limodzi la shampu ya makanda, lichite thovu m'dzanja lanu kaye, sambitsani mutu wonse ndi pa liwombo pomwe, tsukuluzani mpaka tsitsi lisiye kuterera. Pukutani mogusagusa ndi thaulo, osati mokhula. Mukatha, pamutupo musabwezerepo vaselini.

Zili ngati nkhoko za m'poto: mukaviika zimanyamuka zokha, mukapala zouma mumakanda poto.

Amake Tamanda: Zikomo kwambiri. Ndichite zimenezi tsiku lililonse? Ndipo zidzatha liti?

Anamwino Nangondo: Tsiku lililonse kwa sabata imodzi, kenako onani. Pa chigamba chokula chonchi, masiku awiri oyamba mwina simuona kusintha kwenikweni, kungoti m'mphepete muyamba kutukuka. Chapakati pa sabata zimayamba kuchoka tizidutswatizidutswa, ndipo pakati penipeni, pomwe pakhuthala kwambiri, m'pomwe pamatsalira. Zikachepa, siyani vaselini koma pitirizani kusambitsa mutu ndi shampu kawiri kapena katatu pa sabata, masiku enawo madzi okha. Zitha kubwereranso pang'ono m'miyezi ikubwerayi, chifukwa khungu likadapanga mafuta ambiri. Kubwerera kwake sikutanthauza kuti munalakwitsa.

Za pansidze, kansalu kofewa konyowa ndi madzi ofunda n'kokwanira. Vaselini pang'ono kwambiri ngati zauma, burashi ndi shampu zisayandikire maso.

Anaphiri a ku Joni: Ine ndionjeze kuti ola limodzi n'lochepa ngati zakhuthala. Kuno amatiuza kuti upake usiku agone nazo, m'mawa usambitse. Ndipo mafuta a olivi ndiye abwino kuposa vaselini chifukwa ndi achilengedwe.

Achimwene Mbewe, a kuchipatala cha khungu: Za usiku wonse n'zotheka, Anaphiri, ndipo malangizo ena amanenadi choncho pa nkhanambo zolimba. Koma za olivi ndikukanani. Mafuta a olivi amatha kufooketsa khungu lanthete la khanda n'kuliumitsa mkati mwake, komanso kafangasi katchulidwa kaja kamadya mafuta a mtundu umenewo. Vaselini ndi bebe oyilo kafangasiko sikatha kudya. Kukhala achilengedwe sikutanthauza kuti khungu la mwana wa masabata 7 liwalandira. Mafuta a mtedza nawonso asapakidwe pakhungu la khanda, makamaka ngati lili ndi ming'alu, chifukwa ana ena thupi lawo limayamba kudana ndi mtedza kudzera pakhungu. Izi n'zofunika kwathu kuno chifukwa mafuta ambiri ogula moyeza pamsika sudziwa kuti ndi a chiyani.

Anamwino Nangondo: Pa za usiku, ine ndimakondabe masana. M'nyengo yotentha, khanda logona ndi vaselini m'mutu, chipewa chaubweya pamwamba, limadzuka ndi totupa ta thukuta pachipumi ndi m'khosi, ndiye mayi amayamba kuda nkhawa ndi vuto lachiwiri. Kuli bwino maola awiri tsiku lililonse kusiyana ndi usiku wonse.

Achimwene Mbewe: Vuto pamenepo ndi chipewa, osati vaselini. Koma chabwino, tisakanganirepo. Ayambe ndi maola awiri, ngati pakati pakana ayesere usiku umodzi wopanda chipewa.

Abambo a mapasa: Pepani kulowerera. Ndinamva kuti parafini amafewetsa msanga zimenezi. Tili naye wa nyale panyumba, ndingathire madontho angati?

Achimwene Mbewe: Ngakhale dontho limodzi ayi, bambo! Chonde musayerekeze. Amene munamva akunena za parafini ankanena mafuta oyera a kufamase, olemera, opanda fungo, omwe amapangira bebe oyilo. Parafini wa nyale ndi chinthu china. Amawotcha khungu la khanda, amalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo mpweya wake umapweteka mapapo. Botololo likhale kutali ndi mapasawo. Gulani kabotolo ka vaselini woyera, kakang'ono kokha kakwanira ana onse awiri mpaka vuto litatha.

Poti tafika pa zinthu zosayenera, pali zina zimene anthu amafika nazo kuchipatala mwana atapsa kale m'mutu. Sipiliti amaumitsa khungu ndipo amapweteka pomwe pali mng'alu. Sopo wochapira, wa mtanda kapena waufa, ndi waukali kwambiri, amasupula khungu. Shampu ya mfundu ya akuluakulu imaluma m'maso ndipo ina ili ndi mankhwala osayenera khanda. Mafuta a chipere aja a witifildi ali ndi asidi wa salisiliki amene khungu la khanda limayamwa mosavuta, ndipo akachuluka m'magazi mwana amadwala. Choopsa kwambiri ndi timachubu ta mafuta a khungu togulitsidwa pamsika, tomwe ena amayeretsera nkhope. Ambiri muli betametazoni kapena mankhwala amphamvu kuposa pamenepo. Amaoneka ngati athandiza m'masiku awiri, koma amapepukitsa khungu ndipo amalowa m'thupi la mwana.

Abambo a mapasa: Mwandipulumutsa. Ndiye kwa mapasawa njira ndi yomweyo? Anabadwa masiku asanakwane, akadali aang'ono, mayi awo akuwasunga pachifuwa.

Anamwino Nangondo: Kwa ana a kangaru musathamange nazo. Chowaopsa iwowo ndi kuzizidwa, osati nkhanambo. Khanda limataya kutentha kwambiri kudzera m'mutu wonyowa, ndipo mwana wochepa thupi amazizira m'mphindi zochepa. Dikirani mpaka anamwino amene akuwayeza akuuzeni kuti mutha kuyamba kuwasambitsa m'beseni. Pakali pano pukutani mutu ndi kansalu kofunda konyowa pang'ono, umitsani nthawi yomweyo, bwezerani chipewa, mwana abwerere pachifuwa. Chipewa chikhale chochapa tsiku lililonse komanso chouma bwino. Nthawi yosamba ikadzafika, mutu uzikhala womalizira, zitseko ndi mawindo zili zotseka, ndipo thaulo likhale pafupi musanayambe.

Mayi Nachisale: Ine mwana wanga wa miyezi inayi alinso ndi zomwezo, ndiyesa njira imeneyi. Kungoti zake zikutuluka timadzi, zikauma zikukhala zachikasu ngati uchi, ndipo zafika kuseri kwa khutu ndi patsaya. Usiku sagona, akungolira. Mkulu wake wa zaka zinayi nayenso ali ndi tizilonda m'manja.

Achimwene Mbewe: Mayi Nachisale, zanuzo si zomwezo, ndipo vaselini ndi burashi musayambe. Pitani naye kuchipatala mawa m'mawa, pamodzi ndi mkulu wakeyo. Nkhanambo za mafuta sizichucha, siziyabwa, ndipo sizilanda mwana tulo. Timadzi touma n'kusanduka nkhanambo yonga uchi timasonyeza kuti mabakiteriya alowa pakhungu. Zilonda zimenezo zimafala ndi zala, thaulo ndi burashi, choncho mukapesa mungozimwaza mutu wonse. Zimafuna mankhwala opha mabakiteriya, opaka kapena akumwa malinga ndi kukula kwake.

Ndipo poti mkulu wake ali ndi tizilonda m'manja, ndikukayikira mphere pansi pake. Kwa akuluakulu mphere sizikonda kufika kumutu, koma kwa makanda zimafika m'mutu ndi kumaso. Yang'anani m'zikhatho ndi kuphazi kwa khandalo, m'mphepete mwa phazi makamaka: mukaona timatuza kapena totupa ting'onoting'ono, auzeni adokotala. Ngati ndi mphere, banja lonse lilandire mankhwala tsiku limodzi, zofunda zichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa. Mankhwala a mphere otsala kwa anansi musapake khandalo, mlingo wa akulu umawotcha ana.

Mayi Nachisale: Kuphazi kulidi totupa. Nanenso m'mikonomu mukuyabwa. Ndipita.

Alangizi a zaumoyo a m'mudzi: Pakadali pano thaulo la khandalo likhale lakelake, Mayi Nachisale, ndipo muwenge zikhadabo za ana onse awiri.

Ndikufuna tibwerere kwa Amake Tamanda pa nkhani ya liwombo, chifukwa m'midzi muno pamenepa m'pomwe zinthu zimasokonekera. Makanda ambiri amabwera kusikelo atamatidwa mankhwala a liwombo, aja akuda osakaniza phulusa la mizu ndi mafuta. Chimatecho chikauma chimagwirana ndi nkhanambo, ndiye pamakhala chigoba cholimba chomwe sichisambitsidwa miyezi. Pansi pake khungu limanyowa ndi thukuta, nthawi zina limachita zilonda osaoneka. Chinanso, chigobacho chimabisa liwombo. Mwana akatsegula m'mimba n'kutha madzi m'thupi, chizindikiro chimodzi ndi liwombo kulowa mkati. Akadwala matenda oumitsa khosi, limatupa n'kulimba ngakhale mwana asakulira. Zonse ziwirizi mayi ayenera kutha kuziona ndi maso. Amake Tamanda, kodi pa mwana wanu anamatapo?

Amake Tamanda: Anamatapo kamodzi atangotuluka m'chikuta, pang'ono pokha. Apongozi akuti nkhanambozi zikusonyeza kuti liwombo silikugunda bwino, akufuna amatenso.

Agogo Nasibeko: Apa ndiye ndisiyana nawo anzangawo. Nkhanambo ndi liwombo n'zosiyana, ngakhale ana omwe sanamatidwe amakhala nazo, ngakhale omatidwa. Koma mwana wanga, usakawayankhe apongozi ako mwachipongwe kuti a pafoni andiuza. Uwapemphe akuperekeze kusikelo, anamwino akaguse liwombo iwo akuona, akamve okha. Kapena uwapatse ntchito yopaka vaseliniyo, manja a agogo ndi odekha kuposa a mayi wachisamba. Munthu ukampatsa mbali sakutsutsa.

Alangizi a zaumoyo a m'mudzi: Nzeru imeneyo, agogo. Katemera wotsatira ndi wa masabata 10, ndiye mpata ulipo posachedwa. Chimate chakalecho chidzachoka ndi njira yomweyo ya vaselini, kungoti chimachedwerapo. Osachisenda.

Anaphiri a ku Joni: Nanga bwanji osangomumeta mpala kuti mafuta azifika bwino? Tsitsi la chikuta limayenera kuchoka ndi kale.

Anamwino Nangondo: Lezala pa mutu wa nkhanambo ayi. Pamwamba pake si posalala, lezala imakodwa n'kudula khungu, ndipo bala lililonse ndi khomo la mabakiteriya, ndiye tifika pa zomwe zili kwa Mayi Nachisale. Tsitsi la khanda n'lopyapyala, silitchinga vaselini. Ngati banja likufuna mwambo wometa, lidikire khungu liyere kaye, kapena lidule ndi sizasi pamwamba, osafika pakhungu.

Achimwene Mbewe: Kwa ana a tsitsi lambiri lopotana, kufupikitsa ndi sizasi kumathandizadi, chifukwa tizidutswa tonyamuka timakodwa m'tsitsi ndipo mayi amaganiza kuti sizikuchoka. Apa m'pomwe chipeso chili ndi ntchito: cha mano ofewa osasongoka, chochotsera zomwe zanyamuka kale n'kukwera m'tsitsi. Mano ake asalowe pansi pa nkhanambo yomwe ikadagwira khungu.

Amake Tamanda, ndikuchenjezeni zinthu ziwiri kuti musadzadzidzimuke. Choyamba, tizidutswa tina tidzachoka ndi tsitsi. Mudzaona kankhanambo pa burashi kali ndi timatsitsi. Limameranso, mizu yake siinafe. Chachiwiri, pomwe pachoka nkhanambo khungu likhoza kuoneka loyererapo kuposa pena ponse, mwina lofiirira pang'ono ndi lonyezimira. Pa khungu lakuda zimenezi zimaoneka kwambiri, ndipo anthu amayamba kunena kuti ndi chipere kapena zikanga. Mtundu umabwerera wokha m'masabata kapena miyezi ingapo, osapaka kanthu. Chipere cha m'mutu chimakonda ana osinkhukirapo, a msinkhu wopita kusukulu, chimadula tsitsi n'kusiya bwalo lotuwa. Kwa khanda la masabata 7 n'chosowa.

Mmene mungadziwire kuti mwapitirira muyeso ndi izi: khungu pansi pake likuoneka laiwisi, lonyowa, kapena pali timadontho ta magazi, kapena mwana akulira mukafika pamalopo. Zikatero siyani burashi masiku awiri kapena atatu, sambitsani ndi madzi okha, pakani vaselini wochepa kwambiri pomwe pasupukapo mpaka papole.

Amake Tamanda: Shampu ya makanda ndi yodula kuno. Sopo wosambira wamba sangachite?

Anamwino Nangondo: Shampu ndiyo yabwino chifukwa siumitsa khungu ndipo siluma m'maso, ndipo poti ndi dontho limodzi pa tsiku, kabotolo kakang'ono kamakhala miyezi. Ngati sizitheka, sopo wa makanda wopanda fungo lamphamvu, thovu lake lokha lochokera m'manja mwanu, osakhula mtanda pamutu, n'kutsukuluza bwino. Sopo wa mankhwala opha majeremusi musagwiritse ntchito. Chachikulu n'chakuti vaselini achoke, ndipo madzi okha samuchotsa. Mukachepetsa vaselini wopaka, mumachepetsanso sopo wofunika.

Achimwene Mbewe: Apa ndiye ine ndikanasankha njira ina: ngati shampu palibe, pakani vaselini wochepa, pukutani kwambiri ndi kansalu kofunda konyowa, sopo kawiri pa sabata basi. Sopo wa tsiku ndi tsiku pa mwana amene m'banja mwawo muli a mphumu kapena a khungu loyabwa akhoza kudzutsa ekizema, matenda a khungu louma loyabwa.

Anamwino Nangondo: Kansalu kokha kamasiya mafuta ambiri, achimwene. Koma ngati m'banjamo muli mphumu, ndikuvomerezani.

Mayi Nachisale: Ekizemayo timaisiyanitsa bwanji ndi nkhanambozi?

Achimwene Mbewe: Kuyabwa. Mwana wa ekizema amakhuza masaya pa chilichonse, amavutika kugona, khungu lake ndi louma ndi lokhakhala, makamaka m'masaya ndi kunja kwa mikono ndi miyendo, ndipo kawirikawiri imayamba miyezi iwiri kapena itatu itadutsa. Wa nkhanambo za mafuta khungu lake ndi la mafuta ndipo iye alibe nazo ntchito. Malo akenso ndi ena: m'mutu, pansidze, kuseri kwa makutu, m'mapindi a khosi, m'khwapa ndi mothera thewera. M'mapindimo simukhala nkhanambo, mumangooneka monyezimira ndi monyowa. Kungoti ana ena amayamba ndi nkhanambo n'kudzapitirira ku ekizema, choncho mwana akayamba kudzikanda m'miyezi ikubwerayi, nkhani yasintha.

Amake Tamanda: Ndiye ndi liti pomwe ndiyenera kupita kuchipatala osadikira sikelo?

Anamwino Nangondo: Tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati thupi latentha kufika madigiri 38 kapena mukumva ndi dzanja kuti watentha, ngati wasiya kuyamwa, wafooka, kapena liwombo latupa kapena lalowa. Mwana wosakwana miyezi itatu sitimudikirira ndi panado kunyumba. Tsiku lotsatira, ngati pamutupo payamba kuchucha, kununkha, kutuluka mafinya, kutupa kapena kutentha pokhudza. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, ndiye dalirani dzanja ndi mphuno zanu kuposa maso. Timbulu ting'onoting'ono toyendayenda kunkhongo timapezeka mwa makanda ambiri, koma mwanabere wokula ndi wopweteka akufunika kuonedwa.

Popanda zimenezi, ngati mwachita njirayi masabata awiri osasintha, kapena zafalikira kumaso, m'khosi ndi m'thewera, pitani akakuoneni. Kumeneko akhoza kulemba mafuta opha fangasi monga ketokonazo kapena kilotirimazo, ndipo ngati khungu latupa, haidirokotizoni wa 1 peresenti wopaka mopyapyala kwa masiku ochepa. Amenewa alembe ndi adokotala atamuona mwanayo, osati kugula poti mwawerenga pano.

Achimwene Mbewe: Pali kagulu kena kochepa komwe sitiyenera kukaphonya. Nkhanambo zikakhala thupi lonse, zosamva chithandizo, mwana akutsegula m'mimba pafupipafupi, m'kamwa muli zoyera zosatha, ndipo mzere wa kusikelo sukukwera, vuto silikhala la khungu lokha. Chitetezo cha m'thupi chimafunika kuyezedwa. Kwa mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo, kuyeza magazi kwa masabata 6 kusaphonyedwe, ndipo zotsatira zake zikatengedwe. Tamanda akukwera thupi ndipo vuto lili m'mutu mokha, choncho izi sizikumukhudza, koma pagulu pano pali owerenga ambiri osalemba.

Agogo Nasibeko: Nanga mafuta a nsatsi aja palibe wandiyankha. Ndi oletsedwa nawonso?

Achimwene Mbewe: Ofula pakhomo ndimawaopa pa khanda, agogo, chifukwa ndi olemera, savuta kutsalira m'mutu, ndipo ukhondo wake umadalira amene wafula ndi botolo lomwe asungiramo. Ana ena amatupa nawo. Kwa mwana wa masabata 7 ndisankha vaselini.

Agogo Nasibeko: Vuto ndi botolo, osati nsatsi. Koma vaselini poti alipo kale m'nyumbamo, ayambe ndi ameneyo.

Amake Tamanda: Ndapaka masana ano, apongozi ndi amene anagwira mwana. M'mphepete chakuchipumi mwachoka tizidutswa tingapo ndi timatsitsi, pakati sipanasunthe. Pa thaulo panalibe magazi. Funso lomaliza: mswachiwo ndiziutsuka bwanji?

Anamwino Nangondo: Ndi sopo ndi madzi otentha mukangomaliza, chotsani tizidutswa tonse tokodwa m'mano mwake, muuimike poyera uume. Musausunge m'chikwama cha matewera uli wonyowa, ndipo ukhale wa Tamanda yekha. Pakatipo musapaumirize, mawa onjezerani ola limodzi musanasambitse.